Mnzanu Akakuyalutsani pa Msonkhano wa Kuntchito: Zochita Kuyambira Mphindi Yoyamba Mpaka Mawa Lake

Linali Lolemba m'mwezi wa Okutobala, nthawi ija Zomba imatentha mpaka phiri kuoneka mwa chimbuuzi chifukwa cha utsi wa moto wolusa. Tinali anthu 11 mu ofesi ya bwana pa msonkhano wa m'mawa. Ine ndimagwira ntchito ku akaunti. Bwana atafunsa chifukwa chomwe wogulitsa mapepala ndi inki sanalipidwe K480,000 yake kwa masabata atatu, mayi a ku sitozi anayankha osandiyang'ana n'komwe: "Ife zathu tinapanga kalekale. Mukudziwa nonse kumene mapepala amakafera muno." Anthu awiri anaseka. Makutu anga anatentha, ndipo ndinamva mawu akukwera kukhosi.

Zaka zingapo m'mbuyomo ndikanayankha pompo, ndipo ndikudziwa mtengo wake chifukwa ndinaulipirapo. Tsiku limeneli ndinatsata njira yomwe ndikulongosola pano. Azasayansi ya maganizo Peter Salovey ndi John Mayer analongosola mu 1990 luso lozindikira zomwe ukumva mumtima, kuzindikira zomwe mnzako akumva, ndi kugwiritsa ntchito zonsezo posankha chochita. Ndi nkhani yaikulu, koma ine ndingotengapo kachigawo kamodzi, komwe ndi nthawi yochokera pamene mnzanu wakubayani ndi mawu pagulu kufika pamene mwakhala naye pansi awiriwiri.

Kwathu kuno tili ndi njira ziwiri zomwe tinazolowera. Ina ndi kuphulika. Inayo, yomwe ndi yofala kwambiri m'maofesi, ndi kunena kuti "palibe kanthu" kenaka n'kusunga chakukhosi miyezi, moni kumangopatsana wa pamwamba, mafayilo a mnzako kumawaika pansi pa ena. Njira yomwe ndikunenayi siili mbali iliyonse mwa ziwirizi. Mkwiyowo muunena ndithu, koma muuchedwetsa mpaka thupi litazizira ndipo mwadziwa chomwe chakupwetekani kwenikweni.

Choyamba, dziwani pomwe thupi lanu limayambira

Mkwiyo umayamba m'thupi maganizo asanafike. Ubongo ukaona ngati mwaukiridwa, kachigawo kake kotchedwa amigidala kamaliza belu, ndipo thupi limatulutsa adirenalini. Mtima umathamanga, kupuma kumafupika, minofu imakungika. Thupi silisiyanitsa bwino galu wolusa ndi mawu onyoza pamaso pa bwana. Pa nthawi imeneyi kuganiza mofatsa kumavuta, ndipo chomwe chimabwera msanga pakamwa ndi mawu opweteka kwambiri omwe muli nawo.

Aliyense ali ndi chizindikiro chake choyamba. Changa ndi makutu kutentha, kenaka nsagwada kulimba. Mnzanga wina amayamba kugwedeza mwendo pansi pa tebulo. Ena mawu amanjenjemera, ena manja amachita thukuta, ena amayamba kudula anzawo mawu asanamalize. Ntchito yopeza chizindikiro chanu muichite lero, pamene mtima uli m'malo. Kumbukirani maulendo atatu omaliza omwe munapsa mtima, ndipo dzifunseni chomwe chinachitika m'thupi musanatsegule pakamwa. Ngati simukukumbukira, funsani akunyumba kwanu. Iwo amachidziwa bwino kuposa inu, ndipo mwina akuuzani akuseka.

Mukachimva chizindikirocho, tchulani chamumtima zomwe zikuchitika: "Ndakwiya." Ngati mungathe, tchulani molunjika kuposa pamenepo: "Ndachita manyazi." Zikuoneka zachibwana, koma kutchula dzina la zomwe mukumva kumakuikani kapatali pang'ono ndi motowo. Ine Lolemba lija nditadziuza kuti "ndayalutsidwa pamaso pa ana a dzulo", ndinazindikira kuti chinandiwawa kwambiri si mawu a mayi aja ayi, koma kuseka kwa anyamata awiri aja omwe ndinawaphunzitsa ntchito ndine.

Chachiwiri, khalani ndi mawu okonzeratu

Apa ndi pomwe ambiri timagwera. Timadziwa kuti sitiyenera kulalata, koma sitikhala ndi china chonena m'malo mwake. Kukhala chete pagulu kumaoneka ngati wavomera mlandu, ndiye pakamwa pamangotseguka pokha. Mankhwala ake ndi kuloweza pamtima chiganizo chimodzi kapena ziwiri zomwe mungathe kunena ngakhale mutu utatentha.

Chiganizocho chichite ntchito zitatu. Chisonyeze kuti mwamva, chisonyeze kuti muli ndi mbali yanu, ndipo chitchule nthawi yomwe mudzayankhe. Ine ndinati: "Bwana, ndamva zomwe anena mayiwa. Pali mbali ina ya nkhaniyi, koma ndikufuna ndione kaye fayilo kuti ndisanene zolakwika. Ndikubweretserani yankho isanakwane 2 koloko." Basi, ndinathera pomwepo.

Taonani zomwe mulibe m'mawu amenewa. Sindinapepese, chifukwa ndinali ndisanadziwe ngati ndalakwa. Sindinanene kuti mayiwo akunama. Sindinaponye mwala wobisa, monga "ena amayankhula asanafunse", womwe ndi mkwiyo womwewo wovala jekete. Kutchula nthawi n'kofunika kwambiri, chifukwa mukangoti "tikambirana" anthu amamva ngati mukuthawa, pomwe mukati "2 koloko" amaona kuti muli ndi chonena ndipo simukuopa.

Mawuwa muwanene motsitsa ndiponso mochedwa kuposa mmene mumayankhulira masiku onse. Manja muwaike pa tebulo kapena mugwire cholembera, chala chisaloze munthu. Musanayambe, tulutsani mpweya kamodzi pang'onopang'ono. Ngati mnzanuyo awonjezera mawu ena, monga mmene anachitira mayi aja poti "fayilo yake iti, yomwe yakhala masabata atatuyo?", musatole nyamboyo. Bwerezani zomwe mwanena kale mwachidule: "Pa 2 koloko, mayi." Munthu sangakangane nthawi yaitali ndi chiganizo chomwe sichikusintha.

Chachitatu, zizirani kwa mphindi 20, koma muzizire moyenera

Msonkhano ukatha, chokanipo. Ngati ukupitirira ndipo mukuona kuti simupirira, pemphani kukataya madzi, palibe amene angakukanizeni. John Gottman, yemwe wafufuza kwa zaka zambiri mmene mabanja amakanganirana, anapeza kuti mtima ukamagunda kupitirira ka 100 pa mphindi mkati mwa mkangano, munthu samvanso bwino zomwe mnzake akunena, ndipo pamafunika mphindi zosachepera 20 kuti thupi libwerere mwakale. Iye ankaona mabanja, koma thupi lomwe timapita nalo kuntchito ndi lomwelo. Mutha kudziyeza nokha: gwirani mtsempha wa pamkono, werengani kugunda kwake kwa masekondi 15, kenaka chulukitsani ka 4. Mukapeza 26 kapena kuposa pa masekondi 15 amenewo mutangokhala pansi, simunakonzeke kuyankhula ndi aliyense za nkhaniyo.

Kupuma kumathandiza ngati kutulutsa mpweya kukutalika kuposa kukoka. Kokani mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 6, ndipo bwerezani ka 10. Potulutsa mpweya mtima umachepetsa liwiro, n'chifukwa chake mbali imeneyi ndiyo yofunika kuitalikitsa. Anthu ambiri akauzidwa kuti apume mwamphamvu amangokoka mpweya wambiri mofulumira, kenaka amachita chizungulire n'kunena kuti njirayi siigwira. Ine ndinatuluka pageti, n'kuyenda pang'onopang'ono mumthunzi wa mitengo ya m'mbali mwa msewu mpaka pa mlatho wa Mulunguzi, n'kubwerera. Ndinagulanso mtedza wokazinga panjira, chifukwa ndinali ndisanadye kanthu kuchokera ku Matawale m'mawa, ndipo njala imafupikitsa mtima.

Tsopano chovuta chenicheni. Mphindi 20 zimenezi zimapita pachabe ngati mukuzithera kubwereza mlanduwo m'mutu, kukonza mawu omwe mukanamuyankha, kapena kukumbukira zonse zomwe anakulakwiranipo chiyambireni ntchito. Mukatero mukusonkhezera moto womwe mumati mukuzimitsa. Mu 2002 Brad Bushman anachita kafukufuku pa ophunzira a ku yunivesite omwe anawakwiyitsa dala ponyoza zomwe analemba. Ena anawauza kuti amenye thumba la nkhonya akuganizira amene wawanyozayo, ena anangokhala chete. Omwe anamenya thumba anatsala okwiya kwambiri kuposa omwe anangokhala. Choncho zija timauzana zoti "tulutsa zonse mtima upepuke" sizoona nthawi zonse. Maganizo muwapatse ntchito ina: werengani mapazi anu, onani magalimoto odutsa, imbani kanyimbo ka kutchalitchi chamumtima.

Pa chifukwa chomwecho, musapite kwa mnzanu wapamtima wa mu ofesi momwemo kukamufotokozera. Adzakuikirani kumbuyo, zomwe zimakoma, koma adzawonjezera nkhuni: "Mayi amene aja ndi choncho, ineyo anandipangapo." Pofika masana nkhani yafika kwa mwiniwake itavala zovala zina. Ndipo foni muiike m'thumba. Uthenga wolembedwa pa gulu la WhatsApp la kuntchito mtima uli pamwamba sufufutika, chifukwa wina amakhala waujambula kale musanauchotse. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo masiku ano mlomowo umakhala ndi tsiku ndi nthawi yake pansi.

Chachinayi, siyanitsani zomwe zachitika ndi zomwe mwadziuza

Mukabwerera pa desiki, tengani pepala, mulidule pakati ndi mzere. Kumanzere lembani zokhazo zomwe munthu wina aliyense amene analipo angavomereze kuti zinachitika. Kumanja lembani zomwe mutu wanu wawonjezera. Zimatenga mphindi zisanu, koma pa masitepe onsewa ili ndi lomwe limasintha nkhani kwambiri.

Kumanzere kwanga kunali izi. Mayi a ku sitozi anabweretsa vocha pa 2 Okutobala. Lamulo la pa ntchito pathu limafuna makoteshoni atatu ndi pepala losonyeza kuti katundu walandiridwa. Vochayo inali ndi makoteshoni awiri okha, ndipo pepala lolandirira katundu linali losasainidwa. Ndinaibweza Lachinayi pa 5, ndinaiika m'thireyi ya pa desiki yawo ndi kapepala komata pamwamba. Pa msonkhano ananena mawu aja, anthu awiri anaseka.

Kumanja kunali zambiri. Amandida. Akufuna bwana andione ngati waulesi. Anadikira dala msonkhano kuti andichititse manyazi. Amandiderera chifukwa ndine wamng'ono kwa iwo. Nditaziwerenga ndinaona kuti palibe ngakhale chimodzi chomwe ndikanatha kuchitsimikizira, komabe ndi zimenezi zomwe zinkanditenthetsa makutu.

Kenaka dzifunseni mafunso awiri, ndipo muwayankhe moona. Loyamba: kodi pali chifukwa china chomwe munthu wabwinobwino akanachitira zomwe wachita mnzangayu? Lachiwiri, lomwe limawawa: mbali yanga ndi iti? Nditafunsa mesenjala mwaulemu ngati mayi aja analipo sabata ija, anandiuza kuti Lachinayi lomwelo masana ananyamuka kupita ku maliro a mchemwali wawo kwa Jali, ndipo anakhalako masiku asanu. Ndinapita kukasuzumira m'thireyi yawo ali kwina. Vocha ija inali pansi pa mulu wa mapepala ena omwe anaunjikana ali kumaliro, kapepala kanga katamatuka n'kugwera pambali. Mayiwo sankadziwa n'komwe kuti ndinaibweza. M'maganizo mwawo fayilo inali kwa ine masabata atatu onse.

Mbali yanga inaonekera poyera. Ndinabweza vocha ya ndalama zambiri chonchi ndi kapepala komata, osaimba foni, osafunsa patapita sabata. Pa malamulo sindinalakwe. Koma ndinkadziwa kuti wogulitsayo akudikira, ndipo ndinakhala phee chifukwa "zanga ndinapanga", mawu omwewo omwe ananena mayi aja. Izi sizikufafaniza kuti iwo anandinyoza pagulu. Zinthu ziwirizi zonse ndi zoona, ndipo zonse ziyenera kunenedwa.

Pa 2 koloko ndinapita kwa bwana ndi zakumanzere zokha. Ndinati vocha inabwezedwa pa 5 chifukwa cha mapepala awiri osowa, mayi anali kumaliro ndipo sanaione, ine sindinatsatire, ndipo mapepalawo akapezeka cheke chituluka pasanathe masiku awiri. Za mawu a pa msonkhano sindinatchule. Imeneyo inali nkhani ya ine ndi mayiwo, ndipo kuipititsa kwa bwana musanayankhule ndi mwiniwake kumasandutsa kusamvana kukhala mlandu.

Chachisanu, sankhani nthawi ndi malo, ndipo pemphani

Musadutse masiku awiri. Tsiku lomwelo nthawi zambiri mitima imakhala ikadali yofunda, koma mukadikira sabata mnzanuyo amadabwa kuti mukufukula zakale, ndipo inu mumakhala mwayamba kale kumuzemba m'khonde. Mawa lake m'mawa ndi nthawi yabwino. Pewani nthawi yoweruka pamene aliyense akuthamangira minibasi kapena kabaza, ndipo pewani masiku omwe mnzanuyo wapanikizika, monga kumapeto kwa mwezi kwa ife a ku akaunti.

Malo akhale oti ena sakumva. Munthu amene mwamudzudzula pagulu amateteza ulemu wake, osati mfundo. Ngati ndi wamkulu kwa inu pa zaka kapena pa udindo, pitani inuyo komwe ali, musamuitanitse. Ndipo pemphani kaye. Ine ndinagogoda ku sitozi Lachiwiri cha m'ma 9 koloko, n'kuyamba ndi chomwe chinayenera kuyamba: "Mayi, ndamva mochedwa za zovuta za kwa Jali. Pepani kwambiri." Sindinanene izi ngati nyambo, ndipo ngati mukudziwa kuti mungazinene mwachinyengo, bola kuzipatula n'kuzinena nthawi ina. Titatha za malirozo ndinati: "Muli ndi mphindi khumi? Pali kanthu ka dzulo komwe ndikufuna tikambirane awiri." Akanati ayi, ndikanafunsa nthawi yomwe angapezeke.

Chachisanu ndi chimodzi, nenani, kenaka khalani chete

Dongosolo la mawu ndi ili: mbali yanu poyamba, kenaka zomwe zinachitika, kenaka mmene zinakukhudzirani, pomaliza pempho limodzi. Kuyamba ndi mbali yanu kumamutsitsa mnzanuyo mapewa, chifukwa amakhala wakonzekera nkhondo. Ine ndinati: "Vocha ija ndinaibweza pa 5, ili m'thireyi mwanumo pansi. Ndinalakwa kuti sindinakuimbireni, ndipo sindinafunsenso. Koma dzulo mutanena pamaso pa anthu kuti mapepala amakafera kwa ine, anyamata aja n'kuseka, ndinachita manyazi kwambiri. Ndikupempha kuti fayilo ikachedwa muzindifunsa ine kaye isanafike pa msonkhano."

Pali mawu ena omwe amawononga zonsezi. "Nthawi zonse mumatero" ndi "simunayambe mwachitapo" amapangitsa mnzanuyo kufufuza tsiku limodzi lomwe sanatero, ndipo mkangano umasamukira kumeneko. Mawu onena za khalidwe la munthu, monga "ndinu amwano" kapena "mumadzimva", sangayankhidwe ndi china koma kukana. Nenani zomwe anachita tsiku lakutilakuti, zomwe angathe kusintha. Musabwere ndi milandu ina ya chaka chatha, ngakhale ilipo. Ndipo musanene kuti "anthu akunena", chifukwa funso lotsatira ndi "ndani?", ndiye mwalowetsa ofesi yonse.

Mukamaliza, tsekani pakamwa. Apa ndi povuta kuposa kuyankhula. Mayi aja sanapepese msanga ayi. Anayamba mokweza: "Achimwene, inu mukudziwa zomwe ndaona ine? Wogulitsa mapepala uja wakhala akundiimbira usiku. Loweruka anabwera kunyumba kwanga ku Chinamwali, ana akuona, ndili ndi chisoni cha maliro, kumanena kuti ndadya ndalama zake." Makutu anga anayambanso kutentha, chifukwa ndinkafuna kunena kuti zimenezo si chifukwa chondinyozera ine. Ndinatulutsa mpweya n'kubwereza zomwe ndamva m'mawu anga: "Ndiye kuti munthuyo anakuyalutsani pakhomo panu, inu mukudziwa kuti fayilo ili kwa ine ndipo ine ndangokhala chete." Anati, "Eya." Mawu awo anatsika pomwepo.

Kubwereza zomwe mnzanu wanena si kuvomereza kuti akulondola. Ndi kumusonyeza kuti zafika, ndipo munthu amene waona kuti zafika safunikanso kukweza mawu. Mukabwereza molakwika adzakukonzani, zomwenso ndi zabwino. Chizindikiro choti zikuyenda ndi chakuti mnzanuyo wayamba kuyankhula mochedwa ndipo akutchula zinthu zenizeni, masiku ndi mapepala, m'malo mwa "inu anthu a ku akaunti". Chizindikiro choti zikulephereka ndi chakuti nonse mukubwereza ziganizo zomwezo kachitatu, kapena wina wayimirira. Zikatero imitsani: "Mayi, ndikuona kuti tonse tatenthanso. Tipitirize mawa nthawi ngati yomweyi." Kuimitsa kotere si kugonja, bola mubwereredi mawalo.

Patapita kanthawi mayi aja anati: "Komabe sindikanayenera kunena muja. Pepani, achimwene." Sizichitika choncho nthawi zonse. Anthu ena, makamaka akuluakulu, mawu oti pepani kwa wamng'ono sawatulutsa, koma mawa lake amakubweretserani nthochi kapena kukufunsani za ana. Phunzirani kumva kupepesa kwa mtundu umenewo, ndipo musaumirire mawu enieniwo ngati khalidwe lasintha.

Musatuluke musanagwirizane chinthu chimodzi chogwirika. "Tizimvana" si mgwirizano. Ife tinagula kope la masamba 40, ndipo vocha iliyonse yochoka ku sitozi kupita ku akaunti kapena kubwerera imalembedwamo tsiku, nambala yake, chomwe chikusowa, ndi siginecha ya wolandira. Ya ndalama zopitirira K200,000 ikabwezedwa, ndimaimbanso foni tsiku lomwelo. Mikangano yambiri ya mu ofesi yomwe timaitcha udani imakhala ndi kabowo kotere m'kayendedwe ka ntchito, ndipo kabowoko kakapanda kutsekedwa mudzakangananso mwezi wamawa ngakhale mutakhululukirana ndi misozi.

Pomwe njirayi siikwanira

Zonsezi ndi za anthu awiri omwe asemphana koma onse akufuna ntchito iyende. Sizili za munthu amene amakunyozani mobwerezabwereza mwadala, amene akukuopsezani, kapena amene akukukakamizani zachisembwere. Pamenepo kupuma ka 10 sikuthetsa kanthu, ndipo musalole wina akuuzeni kuti vuto ndi mtima wanu. Ngati mwayankhula naye kawiri ndipo palibe chasintha, pemphani munthu wachitatu amene nonse mumamulemekeza, osati mnzanu wapamtima, kuti akhale mkhalapakati. Zikakanikanso, lembani dandaulo motsata ndondomeko ya pa ntchito panu, kapena kudzera kwa woimira bungwe la ogwira ntchito ngati lilipo. M'dandaulomo muike za kumanzere kwa pepala lija zokha: tsiku, malo, mawu omwe ananenedwa, ndi omwe analipo.

Dziwaninso kuti lamulo la za ntchito la Malawi la 2000 limalola olemba ntchito kuchotsa munthu popanda notisi akapalamula mlandu waukulu, ngakhale limafunanso kuti munthuyo apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe chifukwa cha khalidwe. Malamulo a malo ambiri a ntchito amaika kumenya mnzako ndi kutukwana pa milandu yotere. Pa komiti yomva mlandu, mawu oti "anayamba ndi iyeyo" akhoza kuchepetsa chilango, koma sachotsa zomwe inu mwachita anthu akuona.

Ngati mukuona kuti mukupsa mtima pafupifupi tsiku lililonse pa tinthu tating'ono, yang'anani kunja kwa ofesi. Tulo tochepa, mowa wa dzulo, ngongole ya katapila, matenda a mwana, zonsezi zimalowa nanu pageti m'mawa. Zikafika poti mukuswa zinthu kapena akunyumba akukuopani, kaonaneni ndi achipatala kapena mlangizi wa za maganizo.

Ngati mwaphulika kale

Ndinanena kuti mtengo wake ndinaulipirapo. Pa ntchito ina yakale ndinamuuza dalaivala, bambo wamkulu woti akhoza kundibereka, pamaso pa anthu kuti "ena sukulu anangodutsa pakhomo", chifukwa cha malisiti a mafuta omwe sankagwirizana ndi makilomita. Pa malisitipo ndinkalondola. Koma kuyambira tsiku limenelo palibe amene anakumbukiranso za malisiti, aliyense ankakumbukira mawu anga, ndipo kwa miyezi itatu galimoto inkakhala "yotanganidwa" nthawi iliyonse yomwe ndafuna kupita kubanki.

Kupepesa kogwira mtima kumatchula zomwe munachita, ndipo kulibe "koma". Mukati "pepani ngati ndinakukhumudwitsani" mwaika vuto mumtima mwa mnzanuyo. Mukati "pepani, koma inunso" mwayambitsanso mkangano. Nenani kuti: "Ndinakunyozani za sukulu pamaso pa anthu. Ndinalakwa. Pepani." Nkhani ya malisiti idikire tsiku lina, muikambe payokha. Ndipo ngati munalakwira pagulu, kupepesa kwa kuseri sikukwanira. Yambani awiri, kenaka munenenso mwachidule pamaso pa anthu omwe analipo aja.

Ine ndinachedwa miyezi itatu chifukwa ndinkadikira kuti iwo avomere kaye za malisiti. Nditapita pomaliza, ndinawapeza akutsuka galimoto kuseri kwa ofesi. Anamvetsera osasiya kupukuta galasi, kenaka anati: "Ndamva, mwana wanga. Lachisanu pa msonkhano mukanenenso pomwe munanenera paja." Ndinakanena Lachisanulo, nditaimirira, mawu akunjenjemera. Malisiti tinawaona limodzi Lolemba lotsatira, ndipo tinapeza kuti awiri mwa iwo analembedwa pa galimoto yolakwika.